Dzina la mphunzitsi limayambira pa pepala la moko

Mphunzitsi wa pa sukulu ya sekondale yoyendera ya kumudzi ali ndi vuto limene anzathu a m'tauni sadziwa: ngakhale aphunzitse bwino chotani, omuona ndi ana asukulu, ahedi ndi mbuzi zodya pabwalo la mpira. Akamva kuti mnzake waitanidwa kukachonga mayeso a MANEB kapena kukaphunzitsa aphunzitsi anzake pa maphunziro a SMASSE, amangoti, "Ameneyo ali ndi achibale kumtunda." Inenso ndinkatero. Ndili ndi dipuloma, ndimaphunzitsa masamu, ndipo zaka zanga zinayi zoyamba palibe anandiitanapo kwina kulikonse. Chimene chinasintha zinthu ndi pepala limodzi la mayeso oyeserera, aja timati moko.

Sukulu zoyandikana zimakhala m'gulu lotchedwa kalasitala, ndipo makalasitala ambiri amakonzera limodzi moko wa Folomu 4. Ntchito yokonza mafunso ambiri timaithawa chifukwa ndi yotopetsa ndipo ndalama yake ndi yongokwanira thiransipoti. Koma taganizani: pepala limenelo limalembedwa m'sukulu zonse za m'kalasitala, ndipo mphunzitsi aliyense wa phunzirolo amaligwira m'manja pochonga. Kwa mphunzitsi wa kumudzi, palibe njira ina yotchipa chotere yoti anthu a kunja kwa sukulu yake aone ntchito ya manja ake.

Chaka chimene ndinavomera kukonza pepala loyamba la masamu, ndinayamba ndi silabasi, osati mafunso. Ndinalemba mitu yonse papepala ndi kugawa malikisi 100 molingana ndi kukula kwa mutu uliwonse, kuti pepala lisangodzaza ndi mitu imene ine ndimaikonda. Kenako ndinawerenga malipoti a akuluakulu ochonga mayeso amene MANEB imatulutsa, omwe ndinawapeza atachita fumbi mu ofesi ya ahedi. M'menemo ndinaona pamene ana amalakwitsa kawirikawiri. Nditatha kulemba mafunso, ndinakhala pansi ndi wotchi n'kulemba ndekha pepala lonse, ndipo ndinapeza funso limodzi losatheka kuyankha chifukwa ndinaiwala kupereka utali wa mbali ina ya chithunzi. Likanapita choncho, dzina langa likanadziwika ndithu, koma ndi mbiri ina.

Chimene chinakopa anthu kwenikweni ndi ndondomeko yochongera. Ambiri timangolemba yankho lomaliza, ndiye wochonga aliyense amagawa malikisi mmene akuonera. Ine ndinasonyeza pamene malikisi aliwonse akuchokera. Mwachitsanzo, pa funso la malikisi awiri lakuti 2x + 3 = 11, mwana akafika pa 2x = 11 - 3 amapeza M1, ya njira yolondola, ndipo akapeza x = 4 amalandira A1, ya yankho lolondola. Wolemba njira yabwino koma n'kuphonya pochotsera amatsala ndi imodzi, sabwerako chimanjamanja. Ndinaonjezanso njira zina zolondola zimene mwana angadzere. Pa tsiku logwirizana kachongedwe, mkangano umene umatidyera m'mawa wonse unatha tisanamwe tiyi.

Pa gululo panali mayi wina wachikulire wa pa sukulu yogonera, yemwe anali atachonga mayeso a MSCE kwa zaka zambiri. Anandiitanira pambali n'kundifunsa kuti, "Aphunzitsi, kachongedwe kameneka munakaphunzira kuti?" Atamva kuti sindinachongepo, anandiuza kuti ndizitchera khutu ku zolengeza za MANEB, ndipo anatenga nambala yanga. Patapita miyezi ingapo anandiimbira kuti akufuna ochonga atsopano. Sanandilowetse pakhomo la kumbuyo ayi. Ndinalemba kalata ngati wina aliyense, kudzera kwa ahedi. Chimene anandipatsa ndi uthenga wofika pa nthawi yake, umene kwathu kuno umafika tsiku lomaliza litadutsa kale. Phindu la kudziwana ndi anthu nthawi zambiri ndi limeneli.

Apa pali mfundo imene ambiri timaiphonya: kalata iliyonse yofunsira mwayi wotere imadutsa pa tebulo la ahedi. Munthu akhoza kutchuka m'kalasitala monse, koma ngati masikimu ake amapereka mochedwa ndiponso Lolemba amafika ana atalowa kale, mawu amene ahedi adzalembe pansi pa kalatayo adzakhala ozizira. Ndi chifukwa chake ndimasunga fayilo imodzi yokha ya ntchito zanga: mapepala amene ndinakonza, makalata ondiitana ku maphunziro, ziphaso, ndi zotsatira za ana anga chaka ndi chaka, zabwino ndi zoipa zomwe. Ikafika nthawi ya mafunso okwezera pantchito a Teaching Service Commission, munthu amayankha kuchokera mu fayilo yotere, osati kungoti "ndimalimbikira".

Kochonga ndi komwe ndinaona mmene dzina limakulira kapena kufera. Wotsogolera gulu amatenga ena mwa mapepala amene wachonga n'kuwachonganso. Malikisi ako akamasiyana ndi ake kawirikawiri, kapena ukamalakwitsa pophatikiza chifukwa chothamangira kuchulukitsa mapepala, amakudziwa msanga. Wochonga mofatsa koma molondola ndi amene amakumbukiridwa. Kumenekonso ndinadziwana ndi aphunzitsi a m'zigawo zina, ndipo mmodzi wa iwo ndi amene anatchula dzina langa pamene kunkafunika wotsogolera maphunziro a aphunzitsi a masamu pa tchuthi. Ndalama za ntchito ziwirizi ndi zimene ndikusunga kuti ndikachite digiri, pakuti popanda digiri khomo la maudindo akuluakulu limakhala lopapatiza kwa ife a dipuloma, dzina likome chotani.

Koma njirayi ili ndi maenje. Loyamba ndi kusaka alawansi. Tonse timawadziwa anzathu amene sabata ino ali ku msonkhano wa za umoyo, sabata ya mawa ku wa zamasewero, kalasi ili yokha. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Chizindikiro chake n'chosavuta: ngati anthu amakuitana pa chilichonse koma palibe angatchule chimene umachidziwa bwino, ndiye kuti ndiwe wodzazitsa mpando chabe, ndipo woitanayo akasamuka nawenso wathera pomwepo. Dzenje lachiwiri ndi kuulula mafunso. Wokonza moko amayesedwa kuti anong'oneze ana ake kuti sukulu yake ioneke yapamwamba. Anzako amazindikira ana ako akakhoza moko modabwitsa koma n'kugwa pa MSCE, ndipo munthu wotere palibe angamutchule pa ntchito yofuna chinsinsi. Lachitatu ndi nsanje ya mu sitafu. Mankhwala ake ndi kugawana: ukabwera ku maphunziro, fotokozera anzako zimene waphunzira, ndipo mwayi wina ukabwera tchula dzina la mnzako amene anakugwirira kalasi uli kochonga. Paja kupatsa n'kuika.

Ndisaname, zimenezi sizichitika chaka chimodzi. Kuchokera pa pepala lija kufika tsiku loyamba kuchonga panadutsa zaka ziwiri, ndipo giredi yanga ikadali yomweyo. Koma pa msonkhano wa kalasitala wa teremu ino, wapampando akadzafunsa kuti, "Ndani atikonzere pepala la masamu?" anthu n'kuyamba kuyang'ana pansi, mphunzitsi mnzanga, kwezani dzanja. Mukatero, pitani kwa ahedi mukabwereke silabasi ndi malipoti aja.