Mkaka Uyambe Wazizira: Funso la Yogati ndi Mowa pa Mayeso

Pa mayeso a bayoloje a Fomu 4, funso lina limaoneka lophweka koma limatayitsa ana malikisi: n'chifukwa chiyani popanga yogati mkaka amautenthetsa kwambiri, kenako n'kuuziziritsa asanathiremo mabakiteriya? Ambiri amayankha mbali imodzi yokha, pamene woonga mayeso akufuna zifukwa ziwiri.

Mkaka amautenthetsa mpaka madigiri 85 kapena 90 kuti tizilombo tosafunika tife, tisadzalimbirane chakudya ndi mabakiteriya amene tikuwafunawo. Koma mabakiteriya a yogati nawonso ndi amoyo. Mukawathira mumkaka wotentha chotero, aferatu. N'chifukwa chake mkaka umayamba watsika kufika pa madigiri 40 mpaka 45, pamene maenzaimu awo amagwira ntchito mwachangu. Ukazizira mopitirira, sakufa ayi, amangochita ulesi, ndipo kumacha mkaka udakali madzi.

Pa maola 4 mpaka 6 mabakiteriyawa amadya lakitozi, shuga wa mumkaka, n'kutulutsa asidi wa lakitiki. Asidiyu ndiye amawawasitsa. Akachuluka mpaka pH kutsika kufika pa 4.6, kesini, puloteni wa mumkaka, amaundana, yogati n'kulimba. Chambiko chimagwira mwa njira yomweyi. Mwana amene walemba kuti "mabakiteriya amaumitsa mkaka" walumpha pakati penipeni pa yankho, ndipo malikisi ali pamenepo: shuga, asidi, pH, puloteni, motsatizana choncho.

Funso lomweli likabwera m'dzina la mowa, ana amasokonezeka, chonsecho amaziona kunyumba. Mayi wophika thobwa sathira chimera m'phala lobwadamuka. Amalivundula, amadikira lipole pang'ono, ndipo akathira chimera phala lolimba lija limasungunuka n'kuyamba kutsekemera. Enzaimu ya amileji ya m'chimera yaswa sitachi kukhala shuga. Moto wambiri ukanaiwononga. Apa musalembe kuti enzaimu yafa, pakuti si chamoyo, imangosintha maonekedwe n'kuleka kugwira ntchito. Mfundo imene ndimafuna mwana aliyense aigwire ndi yakuti yisiti payekha satha kudya sitachi. Popanda chimera alibe chodya.

Akapeza shuga pamalo opanda okosijeni, yisiti amatulutsa zinthu ziwiri, mowa ndi mpweya wa kaboni dayokosaidi:

C₆H₁₂O₆ → 2C₂H₅OH + 2CO₂

Mpweyawu ndiwo thovu limene limawira pa mbiya ya masese. Pa chithunzi cha pamayeso, umadutsa m'kapaipi n'kukasandutsa madzi a laimu kukhala oyera ngati mkaka, ndipo mafuta amene ayandama pamwamba pa madzi a shuga aikidwapo kuti atchinge okosijeni. Mabakiteriya a yogati satulutsa mpweya wotere, ndiye yogati ikamachita thovu n'kutupitsa chivundikiro, dziwani kuti yisiti kapena tizilombo tina talowerera.

Akafunsa chifukwa chimene thovu limalekera patapita nthawi, mayankho ovomerezeka ndi akuti shuga watha, kapena mowa wachuluka mpaka kupha yisiti mwini wake, zomwe zimachitika ukafika pafupifupi 14 peresenti.