Tchaja Yamphamvu, Chingwe Choonda

Padoko la Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ambiri amatchaja foni pa sola, ndipo dzuwa silidikira munthu. Foni ikamachedwa kudzaza, musafulumire kugula tchaja ina.

Magetsi amadutsa m'timawaya takopa tobisika m'kati mwa chingwe. Timawayato tikakhala toonda kapena tatitali, mphamvu ina imathera m'njira, n'kusanduka kutentha. Tchaja ikatulutsa mavoti 5, chingwe choonda chingathe kudyapo voti imodzi. Foni ikaona kuti mavoti atsika, imachepetsa dala magetsi amene ikukoka.

Yesani chingwe china chachifupi pa tchaja yomweyo. Foni ikadzaza msanga, vuto mwalipeza. Pogula, kunenepa kwa pulasitiki kusakupusitseni, chifukwa chofunika ndi waya wam'kati. Chingwe chimene chikutentha mukachigwira, chisiyeni.