Malamulo osanama, malamulo okwanira

Mu Juni 1902, Gottlob Frege wa ku Jena, Jeremani, analandira kalata yomwe inamudula mawondo. Inachokera kwa Bertrand Russell. Frege anali atatha zaka zambiri akumanga malamulo oti masamu onse azitsimikizidwirapo, koma Russell anamuonetsa kuti malamulowo akhoza kutsimikiza chiganizo, n'kutsimikizanso chotsutsana nacho.

Akatswiri a lojiki, maphunziro a kaganizidwe kolondola, amafunsa mafunso awiri pa malamulo otere. Loyamba ndi la kudalirika: kodi chilichonse chomwe malamulowo atsimikiza chimakhala choona nthawi zonse mfundo zoyambira zikakhala zoona? Lachiwiri ndi la kukwanira: kodi chilichonse chomwe chimatsatiradi pa mfundozo, malamulowo angachifikire?

Mlimi wa kudimba angalione bwino funso loyambalo. Mfundo ndi ziwiri: mvula ikagwa nthaka imanyowa, ndipo mvula yagwa. Lamulo lotchedwa modus ponens limalola kunena kuti nthaka yanyowa, ndipo silingaphonye. Tsono wina awonjezere lamulo lobwerera chammbuyo: nthaka yanyowa, choncho mvula yagwa. Mlimi yemwe wathirira ndi kheni mbandakucha, kumwamba kuli ngwee, adziwa kuti ili ndi bodza. Mfundo zonse ziwiri ndi zoona, koma chotulukapo n'chonama. Chitsanzo chimodzi chotere n'chokwanira kugwetsa kudalirika. N'chifukwa chake akatswiri amayesa lamulo lililonse palokha, kuti aone ngati limasunga choona pa sitepe iliyonse.

Vuto la kukwanira ndi lina. Malamulo akhale modus ponens yekha basi. Mlimi anene kuti mvula yagwa ndipo mphepo yawomba. Aliyense akuona kuti mphepo yawomba, koma palibe lamulo lopatula mbali imodzi ya chiganizocho. Malamulowo sananame, angoperewera.

Kukhala ndi chimodzi chokha n'kosavuta. Malamulo osatsimikiza kanthu sanama konse, ndipo otsimikiza chilichonse saperewera. Ntchito yagona pokhala nazo zonse ziwiri. Pamenepo, wopeza umboni amadziwa kuti chitsanzo chotsutsa kulibe, ndipo ngati chitsanzo chotsutsa kulibe, umboni ulipo ndithu ngakhale sunapezeke. Akatswiri amalemba ⊢ ponena zotsimikizika ndi malamulo, ndi ⊨ ponena zotsatira moona. Apa zizindikiro ziwirizi zimagwirizana.

Emil Post anaonetsa zimenezi mu 1921 pa lojiki ya ziganizo zolumikizidwa ndi "ndipo", "kapena", "ngati". Mu 1928, David Hilbert ndi Wilhelm Ackermann anafunsa ngati zili chomwechonso pakalowa mawu oti "onse" ndi "ena". Kurt Gödel, mnyamata wa zaka 23 ku Vienna, anayankha mu 1929 kuti inde.

Mu 1931 Gödel yemweyo anaonetsa malire pa nkhani ina: mndandanda uliwonse wa mfundo zoyambira za manambala owerengera, ngati sudzitsutsa, uli wamphamvu mokwanira, ndipo makina angautsate, umasiya chiganizo china chosatsimikizika komanso chosatsutsika.