Milomo patsogolo, mawu pambuyo

Woŵerenga nkhani pa wailesi ya kanema watseka kale pakamwa, koma sipika ya Bluetooth idakalankhulabe. Mawu oyenda opanda waya amayamba apanikizidwa, kenaka nkumasulidwa mu sipikamo, ndipo amatha kuchedwa mpaka mamilisekondi 200. Poyesa, yang'anitsitsani milomo pa mawu ngati "mama" ndi "bambo", chifukwa imatsekeka kaye mawuwo asanatuluke.

Ambiri amathamangira kuwonjezera "Audio Delay", vuto nkukulirakulira, poti batanilo limachedwetsa mawu. Limathandiza pokhapokha mawu akamatsogolera chithunzi. Zikatero, onjezerani mamilisekondi 20, muonerere, muonjezerenso mpaka zigwirizane.

Mawu akamatsalira, bwezerani nambalayo pa 0, musankhe "PCM" pa zosintha za mawu. Zikakanika, siyani Bluetooth, mulumikize sipikayo ndi waya wa HDMI ARC kapena wa oputiko.