Makadi obwerezera bayoloje: khadi limodzi, funso limodzi

Aphunzitsi akakupatsani masilaidi a phunziro la kugawikana kwa maselo, musathamangire kukopera chilichonse pa makadi. Silaidi imodzi kawirikawiri imanyamula mfundo zinayi kapena zisanu, pomwe khadi labwino limafunsa chinthu chimodzi basi.

Tengani silaidi ya mitosisi. Wophunzira wambiri amalemba dzinalo kutsogolo, kumbuyo n'kudzaza ndime yonse. Akamadziyesa amakumbukira theka lokha, koma n'kudziuza kuti wakhoza. Bwino kuigawa. Khadi loyamba: kutsogolo "mitosisi", kumbuyo "selo limodzi limagawikana kukhala maselo 2, lililonse lili ndi makromosomu ochuluka ngati a selo la kholo, mwa munthu 46". Lachiwiri: kutsogolo "metafezi", kumbuyo "makromosomu amandanda pakati pa selo". Anafezi ikhale ndi khadi lakelake.

Kumbuyoko lembani m'mawu anuanu, silaidi mutaitseka. Mukalephera kufotokoza osayang'ana, ndiye kuti mfundoyo simunaimve, ndipo khadi silingakuthandizeni. Bwererani ku buku kaye.

Pamene ambiri amagwa ndi pa mawu ofanana. Meyosisi imatulutsa maselo 4, lililonse ndi makromosomu 23 mwa munthu, ndipo pa mayeso awiriwa amasokonezeka mosavuta. Apa pangani khadi lina lofunsa kusiyana kwake mwachindunji.

Podziyesa, yankhani mokweza musanatembenuze. Nthawi zina yambirani kumbuyo, muwerenge tanthauzo n'kutchula dzina. Sakanizani makadiwo kuti musaloweze ndondomeko yake. Amene mwalakwa muwaone mawa lomwe, amene mwakhoza adikire masiku atatu.