Mawu akang'ambika pojambula: zimene zingakonzeke ndi zimene zapita

Kwaya yajambula nyimbo kutchalitchi, waya wachoka ku mikisa kupita ku rekoda, ndipo pomvetsera mawa lake mawu a soprano akung'ambika paliponse pamene oyimba anakweza. Ambiri amathamangira kutsitsa voliyumu. Kutsitsako sikuthandiza, chifukwa kung'ambikako kuli m'fayilo momwemo. Musanalipire munthu wa situdiyo, dziwani kaye kuti vutolo ndi la mtundu wanji, pakuti alipo awiri ofanana m'makutu koma osiyana m'maso.

Rekoda ya dijito ili ndi malire osadumphika, amene pa sikirini amalembedwa 0 dBFS. Imayeza mawu kambirimbiri, nthawi zambiri ka 44,100 pa sekondi, ndipo muyeso uliwonse, umene akatswiri amautcha sampulo, imaulemba ngati nambala. Pa fayilo ya mabiti 16 nambala yaikulu koposa ndi 32,767. Mawu akapitirira pamenepo, rekoda imangobwereza nambala yomweyo mpaka atatsika. Zili ngati ndowa yodzaza: otayikawo simudziwa kuti anali makapu awiri kapena khumi. Kumeneku ndiye kudulika kwa nsonga, ndipo kumamveka ngati kuthetheka kwaukali.

Mtundu wachiwiri ndi kulemedwa pang'ono kwa chida, kaya mikisa kapena maikolofoni. Apa nsonga za funde sizidulidwa, zimangofinyika n'kukhala zobulungira. Mawu amamveka okhuthala, okalipa pang'ono, koma kakwezedwe ndi katsitsidwe ka woyimba kamakhalapobe.

Maso ndiwo aweruze. Tsegulani fayilo mu Audacity, pulogalamu yaulere, musankhe Analyze kenako Find Clipping. Idzaika chizindikiro pomwe masampulo atatu kapena kuposa atsatizana pamalire. Ndiye kulitsani chithunzi cha funde mpaka muone timadontho ta masampulo. Pamwamba pakakhala mzere wathyathyathya, ndipo nsonga zonse zikuthera pamsinkhu umodzimodzi, zadulidwa. Pakakhala pobulungira, misinkhu n'kumasiyanako, chida chinangolemedwa.

Koma apa pali msampha umene umakola ambiri. Ngati mikisa ndiyo inadula nsonga, rekoda n'kulandira mawuwo motsika, mizere yathyathyathya ikhoza kukhala pa -6 dB, kutali ndi malire. Find Clipping sidzapeza kanthu, chonsecho nyimbo yawonongeka. Chimodzimodzinso ngati wina anatsitsa kale fayiloyo asanakupatseni. Nayo fayilo yodutsa pa WhatsApp kapena ya MP3 imabwera mizere yake itagwedezeka, moti siionekanso bwino. Funani fayilo yoyambirira ya WAV, ndipo musanaikhudze sungani kope lake pambali.

Kukula kwa ngozi mungakuwerenge nokha. Tinene kuti woyimba wagwira noti ya 440 Hz. Funde limodzi limatenga masampulo pafupifupi 100, ndiye chitunda chake chapamwamba chili ndi 50. Akadulika anayi kapena asanu, mbali zonse za chitundacho zilipo, ndipo pulogalamu ikhoza kutsatira kupendekeka kwake n'kujambulanso nsonga yoyandikira yeniyeni. Akadulika 25, theka lapita.

Ntchito yojambulanso imeneyi ndiyo imene Clip Fix ya mu Audacity imachita, kapena De-clip ya mu iZotope RX, yomwe ndi yogula. Mu Clip Fix muli manambala awiri. Yoyamba, imene imakhala pa 95%, imauza pulogalamu msinkhu umene iyambire kuona nsonga ngati yodulika. Yachiwiri, -9 dB, imatsitsa mawu kuti nsonga zatsopano zipeze malo, apo ayi zidulikanso. Yesani pa masekondi ochepa, mumvetsere pa mahedifoni mosinthanitsa ndi fayilo yakale, musanakonze nyimbo yonse.

Munthu mmodzi wolankhula, kapena ng'oma yodulika apa ndi apo, zimakonzeka mpaka womvera osazindikira. Kwaya yonse pamodzi ndi kiyibodi, itadulika kolasi yathunthu, ndi nkhani ina. Mafunde ambiri asakanikirana, ndipo pulogalamu imangoganizira. Kuthetheka kudzachepa, koma kukoma kwa tsikulo sikubwerera. Wokulonjezani kuti abweza zonse akungofuna ndalama zanu.

Kulemedwa kwa chida nako kuli ndi mwayi wake ndi tsoka lake. Clip Fix ilibe mzere woti igwirepo, kotero siithandiza kwenikweni. Chimene mungachite n'kuchepetsako pang'ono ukali ndi ikwalaiza, pakati pa 2 kHz ndi 5 kHz pomwe khutu limamva msanga. Nthawi zambiri ndi bwino kungozisiya, pakuti mukachotsa zambiri mawu a nyimbo samvekanso.

Ngati oyimba angathe kusonkhananso, jambulaninso. Auzeni ayambe ayimba gawo lokwera koposa, mutsitse geni mpaka mita izifika cha pa -12 dB, ndipo muonetsetse kuti nyali yofiira ya pa mikisa siikuyaka.