Malipiro omaliza posiya ntchito: werengani nokha musanasaine

Munthu akapeza ntchito ina, mtima umakhala uli kale kumalo atsopanowo. Amalemba kalata yosiya ntchito mwachangu, n'kudikira kuti a ku akaunti amuuze zake. Tsiku lolandira akaona kuti ndalama zachepa amayamba kudandaula kuti amubera. Nthawi zina amakhala atamuberadi, koma kawirikawiri ndalamazo zimakhala zitatayika tsiku lomwe analemba kalata lija, chifukwa cha notisi.

Lamulo la Ntchito la 2000, m'gawo 29, limati amene amalandira pamwezi azipereka notisi ya mwezi umodzi, yochita kulemba. Amene amalandira pamlungu ndipo sanakwanitse zaka 2 amapereka ya mlungu umodzi. Mgwirizano wanu ukhoza kunena nthawi yotalikirapo, monga miyezi itatu kwa akuluakulu, choncho uwerengeni musanalembe kalata. Gawo 30 ndilo limaluma: mukachoka osapereka notisi, ndipo abwana sanakukhululukireni, inuyo ndi amene mumawalipira ndalama zofanana ndi zomwe mukadalandira m'nthawi ya notisiyo. Amene akadali pa nthawi yoyesedwa ntchito akhoza kuchoka popanda notisi.

Tiyerekeze mayi wina wogwira ntchito ya ukalaliki pa holoselo ina ku Limbe, Lolemba mpaka Lachisanu. Salale yake ndi K440,000 pamwezi, kuphatikizapo alawansi ya nyumba ya K60,000 zimakwana K500,000. Wapereka kalata pa 31 Ogasiti kuti adzasiya pa 30 Seputembala. Mwezi wa notisi waugwira wonse, ndiye K500,000 ya Seputembala ndi yake popanda zokambirana.

Tsopano livu. Gawo 44 limapereka masiku osachepera 15 pachaka kwa ogwira masiku asanu pamlungu, ndi 18 kwa ogwira masiku asanu ndi limodzi. Awa ndi masiku ogwira ntchito, osati a pakalendala, ndipo chaka chikathera panjira amawerengedwa molingana ndi miyezi yomwe mwagwira. Kwa mayiyu, masiku 15 kugawa ndi miyezi 12 akupereka tsiku limodzi ndi kota mwezi uliwonse. Kuyambira Januwale mpaka Seputembala ndi miyezi 9, choncho wasonkhanitsa masiku 11.25. Anapuma masiku 5 mu Epulo, atsala 6.25. Alinso ndi masiku 4 a chaka chatha omwe abwana anamupempha kuti asapume chifukwa ntchito inachuluka mu Disembala. Onse pamodzi ndi masiku 10.25.

Masiku otsalira a chaka chathawa ndi amene amabweretsa mikangano. Lamulo limafuna kuti livu itengedwe pasanathe miyezi isanu ndi umodzi kuchokera pomwe yakwanira, pokhapokha mbali ziwirizo zitagwirizana kuisunga. Ngati mgwirizanowo unali wapakamwa, bwana amene anakupemphani uja akhoza kukhala atasamutsidwa, ndipo wolowa m'malo mwake sakudziwa kanthu. Fomu ya livu yosainidwa, ngakhale uthenga wa pafoni wonena kuti masiku anu asungidwa, ndi umboni wokwanira kuyambira pokambirana. Sungani zimenezi kunyumba, osati mu dirowa ya ku ofesi.

Tsiku limodzi la livu ndi ndalama zingati? Maofesi ambiri amagawa salale ndi 22 kwa ogwira masiku asanu pamlungu, ndi 26 kwa ogwira asanu ndi limodzi, popeza amenewo ndiwo masiku ogwira ntchito pamwezi. K440,000 kugawa ndi 22 ndi K20,000 patsiku, ndipo masiku 10.25 akupereka K205,000. Koma wina akagawa ndi 30, tsiku limatsika kufika pa K14,667, ndipo livu yonse imangokwana pafupifupi K150,000. Mayiyu wataya K55,000 popanda wina kumuchotsera tsiku ndi limodzi lomwe. Ine ndimaona kuti kugawa ndi 30 si chilungamo, chifukwa livu anaiwerenga m'masiku ogwira ntchito, ndiye mtengo wake uyeneranso kuchokera m'masiku omwewo. Funsani nambala yomwe agawira, ndipo muone zomwe malamulo a pakampani panu akunena.

Ma alawansi ali mitundu iwiri. Ena amabwera mwezi uliwonse, monga a nyumba kapena a mayendedwe, ndipo amayenda limodzi ndi salale mpaka tsiku lomaliza. Ena amabwera pokhapokha mwachita chinachake, monga kugona kunja pa ntchito. Mayi wathuyu anatumidwa kukawerenga katundu ku nthambi ya ku Mangochi mu Julayi, anagona usiku utatu pa K30,000, koma K90,000 imeneyo sanalandirebe. Ndalama zotere sizilowa zokha mu pesilipi. Mafomu ake aperekeni limodzi ndi kalata yosiyira ntchito, pamodzi ndi maola a ovataimu omwe sanalipidwe.

Tikaphatikiza K500,000 ya Seputembala, K205,000 ya livu ndi K90,000 ya ku Mangochi tikupeza K795,000. Apa achotsapo K100,000 yotsala pa adivansi yomwe anatenga, ndi 5 peresenti ya penshoni, yomwe ikawerengedwa pa K440,000 ndi K22,000. Zatsala K673,000 msonkho usanachotsedwe. Ndalama za livu nazo zimadulidwa PAYE, ndipo popeza zawunjikana mwezi umodzi ndi salale, msonkho wa mwezi umenewo umaposa womwe munazolowera. Zimenezo si zolakwika, bola pesilipi ionetse.

Nanga akadalemba kalata pa 31 Ogasiti n'kuchoka tsiku lomwelo, poti kuntchito yatsopano akumufuna mawa? Akadalandira K500,000 ya Ogasiti. Livu ikadakhala ya miyezi 8, kutanthauza masiku 9 otsala, K180,000. Ndi K90,000 ija zikadakwana K770,000. Koma abwana akadafuna K500,000 ya notisi, ndipo atachotsanso adivansi ndi penshoni akadatsala ndi K148,000 yokha, msonkho usanadulidwe. Onani kuti livu ndi alawansi sizinafe. Lamulo limati wochoka popanda notisi amalandirabe zonse zomwe anazigwirira kale ntchito, choncho bwana wonena kuti "mwathawa ntchito, palibe chanu" akulakwa. Njira yabwino kwa munthu wofunidwa msanga ndi kupempha abwana kuti afupikitse notisi, kapena avomere kuti masiku a livu alowe m'malo mwa gawo lina la notisiyo. Akavomera, alembe. Ndipo ngati pa notisi akuwerengera alawansi ya nyumba, funsani chifukwa chake sakuiwerengera pa mtengo wa tsiku la livu.

Pali ndalama ziwiri zomwe ambiri amayembekezera koma sabwera nazo kunyumba. Sevalensi, chisinthireni lamulo mu 2010, imaperekedwa kwa ochotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito kapena ochotsedwa mopanda chilungamo, osati kwa wosiya yekha mwakufuna kwake. Penshoni nayo imakhala ku kampani yosunga penshoni, si abwana amene amakupatsani pamanja. Chofunika ndi kupempha sitetimenti kuti muone ngati 5 peresenti yanu ndi 10 peresenti ya abwana zinkafikadi mwezi uliwonse.

Gawo 53 limati malipiro omaliza aperekedwe pasanathe masiku 7 ntchito itatha. Musasaine pepala lonena kuti mwalandira zonse musanaone chinthu chilichonse chitalembedwa pachokha: masiku a livu, mtengo wa tsiku, ma alawansi ndi zochotsedwa. Masiku 7 akadutsa, kapena masamu akakana kugwirizana, tengani mgwirizano wanu, mapesilipi, mafomu a livu ndi kope la kalata yanu yodindidwa tsiku lomwe anailandira, mupite ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. Zikakanika kumeneko, nkhaniyo imapita ku khoti loona milandu ya anthu apantchito.